Kodi tikadina Report pa WhatsApp, uthenga umapita kuti?

Anzanga achinyamata, ndikamayendera makalabu, kuchokera ku Chinamwali mpaka midzi ya m'munsi mwa phiri la Zomba, funso ili silisowa: “Paja amati WhatsApp siwerenga mauthenga athu. Nanga tikamuneneza munthu wotivutitsa, iwo amadziwa bwanji?”

Nzoonadi, kuyambira mu 2016 uthenga uliwonse umatsekedwa usanachoke pafoni ya wotumiza, ndipo umakatseguka pafoni ya wolandira basi. Uli ngati kalata ya m'bokosi lokhoma, yomwe ngakhale wapositi sangawerenge. Koma ukafika kwa inu ndiye kuti watseguka kale. Mukadina Report, foni yanu ndi imene imatumiza ku WhatsApp mauthenga 5 omaliza ochokera kwa munthuyo, pamodzi ndi nambala yake, nthawi yomwe anatumizidwa komanso mtundu wake, kaya ndi mawu kapena chithunzi. Loko sanathyoledwe ayi, mwawaonetsa nokha kalatayo. Munthuyo sauzidwa kuti mwamuneneza.

Nkhani yagona pa nambala 5 imeneyi. Tiyerekeze kuti bambo wina watumizira mtsikana chithunzi cholaula Lolemba. Lachiwiri akulemba kuti “Moni”, “Mwadzuka bwanji?”, “Bwanji zii?”, “Mwakwiya?”, “Ndiyankheni”. Mtsikanayo akaneneza nambala yonse Lachitatu, chopita ndi moni yekhayekha, chithunzi chija chatsala. Njira yabwino ndi kudina chithunzicho osachotsa chala mpaka chisankhike, kenako timadontho titatu tapamwamba, ndiye Report. Apo umboni weniweni wapita.

Musanatero, jambulani zomwe zili pagalasi la foni, nambala ndi tsiku zioneke bwino. Pamafoni ena, kuneneza kumabwera ndi kabokosi kofufuta macheza onse, choncho werengani musanavomere.

Nanga pambuyo pake? A WhatsApp amaunika lipotilo ndipo akhoza kutseka akaunti ya munthuyo, koma si lipoti lililonse limathera pamenepo. Kuti asiye kukupezani lero lomwe, dinaninso Block. Mauthenga ake sadzakufikani, iye azingoona kachongi kamodzi. Komabe akagula nambala ina akhoza kuyambiranso.

Dziwaninso kuti lipotili silifika kupolisi kapena kwa amfumu. Lamulo la dziko lathu la 2016 lokhudza za pa intaneti limaletsa kuzunza kapena kuopseza munthu pafoni, koma mlandu umayamba inu mukakadandaula. Tengani zomwe munajambula zija mupite ku ofesi yothandiza ozunzidwa kupolisi ya Zomba. Ngati wovutitsidwayo ndi mwana, imbani 116, nambala yaulere ya Tithandizane yomwe a YONECO, amene likulu lawo lili konkuno ku Zomba, amathandiza kuyendetsa. Chithunzi cholaula cha mwana chokha musachijambule kapena kuchitumiza kwa anzanu, poti umenewo ndi mlandu. Kaonetseni apolisi foni yeniyeniyo.