Manotsi 9 a Darth Vader: mmene chuni chimakanirira pa munthu wa mufilimu

Munthu amene anaonerapo mafilimu a Star Wars safunika kuuzidwa kuti Darth Vader wafika. Malipenga akangoyamba kugunda chuni chija cholemera ngati mapazi a asilikali, woonera amadziwa kuti chimunthu chovala zakuda, chobisa nkhope ndi chopuma mofwenthera chili pafupi, ngakhale chisanaonekere. Palibe mawu amene aimbidwa, palibe dzina limene latchulidwa, koma uthenga wafika. Nanga zimatheka bwanji kuti manotsi ochepa chabe asanduke dzina la munthu?

Kwathu kuno khutu linazolowera kale ntchito yotereyi. Pabwalo la Gule Wamkulu, ng'oma ndi nyimbo zikasintha, odziwa amazindikira gule amene akubwera asanatulukire n'komwe. Opeka nyimbo za mafilimu amadalira nzeru yomweyo. Amapeka chuni chachifupi, n'kuchimangirira kwa munthu, malo kapena ganizo, kenako n'kumachibweza nthawi iliyonse imene akufuna kuti tikumbukire mwini wake. Akatswiri amachitcha laitimotifu. Amene anatchukitsa njirayi ndi Richard Wagner wa ku Germany, m'masewero ake anayi oimba a Der Ring des Nibelungen, amene anaonetsedwa onse pamodzi koyamba ku Bayreuth mu 1876. Anthu ophunzira nyimbo ku Vienna monga Max Steiner ndi Erich Korngold anapita nayo ku Hollywood m'zaka za m'ma 1930, ndipo John Williams wa ku America anaitsitsimutsa mwamphamvu mu 1977 ndi nyimbo zimene anapekera filimu ya George Lucas ya Star Wars.

Chodabwitsa n'chakuti mufilimu yoyambayo chuni chotchuka cha Vader mulibe. Williams anapatsa Vader ndi asilikali a Ufumu kachuni kena kakang'ono, komwe lero ndi anthu ochepa amene angakaimbe. Kanalibe mawonekedwe oti khutu n'kugwira msanga, ndipo sikanapatsidwe mpata woti kamveke pokhapokha. Mu 1980, pa filimu yachiwiri ya The Empire Strikes Back, Williams anakasiya n'kupeka The Imperial March. Kusiyana kwa ziwirizi kukutiphunzitsa chinthu choyamba: chuni sichikanirira pa munthu chifukwa choti wopeka wafuna. Chiyenera kukhala chachifupi, chosavuta kukumbukira, ndiponso chofanana ndi khalidwe la mwini wake.

Amene ali ndi kiyibodi akhoza kuyesa. Manotsi 9 oyambirira ndi awa: G, G, G, E♭, B♭, G, E♭, B♭, G. Kwa a kwaya amene amawerenga solofa, ndi la, la, la, fa, do, la, fa, do, la. Muona kuti manotsi osiyana ndi atatu okha. Atatu oyambawo ndi notsi imodzi yogundidwa mofanana, mosathamanga, monga mmene amapondera munthu amene sapatukira aliyense. Kenako chunicho chimatsika, n'kudumpha mofulumira, n'kubwerera pomwe chinayambira. Sichipita patali, chimangobwerera pa G ngati chamangidwa pamenepo. Pansi pake oimba amasinthana makodi awiri achisoni, G mayina ndi E♭ mayina, amene nthawi zambiri sayendera limodzi m'nyimbo zomwe tinazolowera. N'chifukwa chake khutu limamva kuti penapake pali chokhota. Mukawonjezera malipenga akuluakulu ndi ng'oma za asilikali, woonera amamva mphamvu ndi nkhanza asanauzidwe kuti mwini wake ndani.

Komabe kuopsa kwa chuni sikokwanira kuti chikhale cha Vader. Chikanatha kukhala cha chigawenga china chilichonse. Chimene chimamanga mfundo ndi nthawi yoyamba imene khutu ndi diso zikumana. Filimu ikajambulidwa n'kulumikizidwa, wotsogolera ndi wopeka nyimbo amakhala pansi n'kuionera limodzi, kugwirizana pomwe nyimbo iyambire ndi pomwe ilekere. Mu The Empire Strikes Back anasankha bwino malo ake. Zombo zankhondo za Ufumu zikuyandama m'mlengalenga, kenako mthunzi wa chombo china chachikulu koposa ukuziphimba zonse, ndipo gulu la London Symphony Orchestra likuimba chuni chonse mokweza, popanda wolankhula. Chithunzi chotsatira ndi Vader ataima pawindo, tikumuonera kumbuyo. Khutu lapatsidwa chuni choyera, diso lapatsidwa mwini wake, ndipo palibe china chosokoneza.

Chotsatira ndi kubwereza. Vader akulowa m'phanga la adani ake pa dziko lachisanu la Hoth, chuni chili pomwepo. Han Solo akuumitsidwa ngati mwala Vader akuyang'ana, chuni chikubangula. Nthawi iliyonse mfundo ija ikukungika, mpaka woonera sangathenso kulekanitsa munthu ndi nyimbo. Pamenepa wopeka amakhala ndi mphamvu yatsopano: akhoza kuimba chunicho Vader palibe, ife n'kumuganizira.

Williams anali ataonetsa kale mu Jaws, filimu ya Steven Spielberg ya mu 1975, kuti mphamvu imeneyi imadalira kukhulupirika. Shaki yolusa ija ili ndi manotsi awiri oyandikana, E ndi F, obwerezedwa mofulumirirafulumira. Anyamata awiri akaopseza anthu pagombe ndi chipsepse chabodza, manotsiwo samveka, chifukwa shaki palibe. Woonera amaphunzira kuti nyimboyi sinama. Ndiye pamene shakiyo itulukira mwadzidzidzi kumbuyo kwa boti popanda notsi ngakhale imodzi, mtima umadumpha koposa. Kukhala chete kumeneko kukanakhala kopanda ntchito chikhala kuti chunicho chinkangoimbidwa paliponse.

Phindu lalikulu la njirayi limaoneka chuni chikayamba kusintha. Chuni chomwe chimangobwera chimodzimodzi nthawi zonse chimangolengeza kuti uje walowa, zomwe maso aona kale. Wopeka waluso amasunga mafupa a chuni, ndiko kuti kukwera ndi kutsika kwa manotsi, n'kusintha zina zonse: chida choimbira, liwiro, kukweza kwa mawu ndi makodi a pansi. Potero nyimbo imanena za munthuyo zimene pakamwa pake sipananene.

Taonani kumapeto kwa Return of the Jedi, ya mu 1983. Vader wapulumutsa mwana wake Luke pophera Mfumu yoipa ija, ndipo wavulala kosachira. Akupempha Luke kuti amuvule chophimba kumaso. Nkhope imene ikuoneka ndi ya bambo wotumbuluka, wofooka. Chuni ndi chomwe chija, koma malipenga ndi ng'oma zachoka. Mavayolini akuchiimba pamwamba kwambiri ndi mawu opyapyala, ndipo pomwe akutsirizika chatsala pa zeze yekha, notsi imodziimodzi. Manotsi amene ankagwedeza zombo tsopano akulephera kuima. Palibe amene akutiuza kuti chilombo chija chinali munthu, tikumva tokha. Zimenezi zikutheka chifukwa takhala tikumva chunicho chili champhamvu m'mafilimu awiri. Munthu amene wangoonera kachigawo aka kokha amva kanyimbo kachisoni basi. Ndipo Luke akamatentha zovala za bambo ake, Williams sabwezanso chuni cha Vader. Amaimba cha Force, mphamvu imene ankhondo a Jedi amatumikira, kusonyeza mbali imene munthuyo wafera.

Patapita zaka 16, Williams anayenda chobwerera. Mu The Phantom Menace, ya mu 1999, tikukumana ndi Vader ali kamnyamata ka zaka 9, Anakin Skywalker, kapolo wokoma mtima wokhala ndi mayi ake. Chuni cha Anakin ndi chofewa, choimbidwa ndi mavayolini, choyendayenda mosalakwa. Koma mukamvetsera mathero ake, chimatsika n'kugwera pa kadumphidwe kaja ka fa, do, la. Vader wabisala kumchira kwa nyimbo ya mwana. Ndipo Yoda akamauza Obi-Wan Kenobi kuti akuopa zoopsa pa kuphunzitsa mnyamatayu, chuni cha Vader chimamveka chapansipansi. Anthu a mufilimu sakudziwa zam'tsogolo, koma oonera akudziwa, ndipo nyimbo ikulankhula ndi iwo okha.

Njirayi ili ndi malire ake, ndipo Star Wars yomweyo imawaonetsa. Choyamba, chuni sichikhala cha munthu mmodzi mpaka kalekale. The Imperial March ndi ya Vader komanso ya Ufumu wonse. Kumapeto kwa Attack of the Clones, ya mu 2002, imaimbidwa mwamphamvu asilikali ambirimbiri akukwera zombo, Vader asanakhaleko. Chimodzimodzinso chuni cha Force: mu 1977 chinayamba ngati cha Obi-Wan, koma chimamveka Luke ataima yekha kuyang'ana madzuwa awiri akulowa pa dziko la Tatooine, asanakumane ndi nkhalambayo mufilimu. Kuchokera pamenepo chinakula n'kukhala cha tsogolo la Luke ndi cha Ajedi onse.

Chachiwiri, nthawi zina wopeka amasankha kukhudza mtima m'malo motsata dzina. Vader akamapha Obi-Wan mufilimu ya 1977, Luke akufuula ndi chisoni, chuni chimene chimasefukira ndi cha Mfumukazi Leia. Si iye wafa, ndipo si iye amene ankamudziwa kwambiri womwalirayo. Williams anachisankha chifukwa chinali ndi kukwera kokhudza mtima kumene malowo ankafuna. Oonera ambiri sazindikira n'komwe, koma amene amatsatira chuni chilichonse amafunsa kuti Leia walowapo bwanji. Wopeka akachita zotere kawirikawiri, mfundo imamasuka ndipo chuni chimangokhala nyimbo yokoma yopanda mwini.

Vuto lina ndi kuchulutsa. Filimu ikapatsa chuni munthu aliyense, ngakhale wongodutsa, palibe chimene chimapeza nthawi yokwanira yoti chizolowereke. Chizindikiro chake n'chosavuta: mukatuluka moonera filimu simutha kung'ung'udza chuni chilichonse, kapena mukuching'ung'udza koma simukudziwa kuti n'cha yani.

Choncho pofuna kuweruza ngati chuni chagwira ntchito, pali mafunso atatu oyenera kufunsa. Chinamveka bwino koyamba maso akuona ndani? Chinabwera liti mwini wake palibe, ndipo chinkatiuza chiyani? Nanga pomaliza chinali chitasintha motani? Pa Vader mayankho onse alipo, ndipo aliyense akhoza kuwatsimikiza poonera zigawo zitatu motsatizana: zombo za mu 1980, imfa ya mu 1983, ndi mwana wa mu 1999. Manotsi ndi omwewo m'malo onse atatu, koma amanena zinthu zitatu zosiyana za munthu mmodzi.