Kalata Yowongolera Samu ya Rula

Kalata yabwino ya mphunzitsi imaloza mzere weniweni umene wophunzira wasokonekera. Nali funso la fizikisi: rula ya mita imodzi yachirikizidwa pakati, pa 50 cm. Katundu wa manyutoni 4 wakolekedwa pa 20 cm. Nanga wa manyutoni 6 akolekedwe pati kuti rula isapendekeke?

Wophunzira walemba 4 × 20 = 6 × d. Kalata imamuyamikira kuti lamulo walidziwa, koma imamuonetsa kuti 20 ndi nambala ya pa rula chabe. Mtunda umayezedwa kuchokera pochirikiza, osati kumapeto.

Kenako imakonza motere:

```
50 − 20 = 30 cm
4 × 30 = 6 × d
d = 20 cm
```

Katunduyo apite mbali inayo, pa 70 cm. Potsimikiza, wophunzira achulukitse yekha: mbali zonse zikupereka 120.