K500 Ikakhala K700: Kuona Zosintha Zisanalembedwe pa Disiki

M'chaka cha 2012, owerenga buku la Leo Tolstoy lotchedwa War and Peace pa kachipangizo kowerengera mabuku ka Nook anayamba kukumana ndi liwu lachilendo, `Nookd`. Liwuli silinali la Tolstoy, ndipo silinali la womasulira. Amene anakonza bukulo anali atalikonzera kaye kachipangizo kena kotchedwa Kindle, ndiye polisamutsa anauza kompyuta kuti paliponse pamene pali dzina la Kindle paikidwe Nook. Kompyuta inamvera. Inasinthanso liwu la Chingerezi lakuti `kindled`, lonena za kuyatsa moto, poti nalo limayamba ndi zilembo zomwezo.

Kompyuta sinalakwitse chilichonse. Lamulo lofufuza ndi kusintha mawu silidziwa tanthauzo la zimene likugwira. Limangoona zilembo zondondozana. Likagwira ntchito pa tsamba limodzi, munthu amaona msanga pamene palakwika. Koma likaloŵa m'mafayilo mazana nthaŵi imodzi n'kulemba pa disiki, cholakwikacho chimabisala pakati pa zosintha zolondola, ndipo kaŵirikaŵiri palibe batani lobwezera m'mbuyo. N'chifukwa chake odziŵa ntchitoyi amayamba ndi kuyeserera: amayendetsa lamulo lomwelo, pa mafayilo omwewo, koma zotsatira zake zimangooneka pa sikirini osakhudza fayilo ngakhale imodzi. Telala naye amayamba walemba ndi choko pa nsalu asanatenge sizasi.

Tiyerekeze bungwe la alimi limene lakweza ndalama ya umembala ya pamwezi kuchoka pa K500 kufika pa K700. Mlembi wa bungweli ali ndi makalata ndi zidziwitso 240, zonse m'mafayilo a mawu okhaokha, mu foda yotchedwa `makalata`. Kutsegula imodziimodzi kungamutengere masiku. Pa kompyuta ya Linux kapena Mac pali zida zakale zimene zimatha ntchito yotere m'kanthaŵi kochepa: `grep` yofufuzira, `sed` yosinthira, zonse zochokera ku Bell Labs ku America m'zaka za m'ma 1970, ndi `perl` imene Larry Wall anatulutsa mu 1987.

Asanaganize n'komwe zosintha, mlembi wochenjera amafunsa kaye kuti zilembo `K500` zikupezeka kangati, ndiponso zikutsatidwa ndi chiyani.

```
grep -rohE "K500[0-9,]*" makalata/ | sort | uniq -c
```

Lamuloli limatola malo onse oyamba ndi `K500` pamodzi ndi manambala kapena makoma otsatira, n'kuŵerenga mtundu uliwonse paokha. Yankho likhoza kukhala lotere:

```
250 K500
 17 K500,
 14 K500,000
 31 K5000
```

Malo onse ndi 312, koma mizere iŵiri yomalizayo si ndalama ya umembala ayi. K5000 ndi ngongole zing'onozing'ono za mamembala, pamene K500,000 ndi mtengo wa chigayo chimene bungwe linkafuna kugula. Akanathamangira kusintha, ngongole 31 zikanakwera kufika pa K7000 ndipo chigayo chikanakhala cha K700,000. Choopsa chake n'chakuti manambala ameneŵa amaoneka abwinobwino. Liwu ngati `Nookd` limadzionetsa lokha kuti ndi lolakwika, koma K7000 imakhala phee m'kalata mpaka tsiku limene mlimi adzabwere ku ofesi atakwiya, kalata ili m'manja.

Apa m'pamene kuyeserera kwenikweni kumayambira. Chida cha `sed` chili ndi khalidwe lothandiza kwambiri: chikapanda kuuzidwa mwachindunji kuti chilembe m'fayilo, chimangoonetsa mawu osinthidwawo pa sikirini, fayilo n'kutsala mmene inalili. Chimene chimachititsa kuti chilembe ndi kachizindikiro kamodzi kokha, `-i`. Choncho mlembi amakasiya kaye, n'kutumiza zotsatira ku chida china, `diff`, chimene chimayerekeza mawu akale ndi atsopano.

```
sed 's/K500/K700/g' makalata/ngongole.txt | diff -u makalata/ngongole.txt -
```

Mzere uliwonse umene ungasinthe umaoneka kaŵiri, wakale ndi chizindikiro chochotsera kutsogolo kwake, watsopano ndi chophatikizira, komanso mizere itatu ya pamwamba ndi itatu ya pansi kuti munthu aone nkhani yake.

```
-Ngongole ya K5000 ibwezedwe pofika Juni.
+Ngongole ya K7000 ibwezedwe pofika Juni.
```

Cholakwika chija chaonekera, ndipo palibe chimene chawonongeka.

Tsopano lamulo liyenera kunoledwa. Ambiri amathamangira kunena kuti kompyuta isinthe liwu lathunthu lokha, monga mmene mapulogalamu olembera amaperekera kabokosi kochonga. Zimenezi zimapulumutsa K5000, koma sizipulumutsa K500,000, chifukwa kwa kompyuta koma ndi malire a liwu, ndiye imaona `K500` ngati liwu loima palokha. Kukana makoma onse nakonso sikuthandiza, poti malo 17 aja ndi ziganizo zabwinobwino monga zakuti membala alipire K500, kenako asaine. Chofunika ndi kunena ndendende kuti `K500` isinthidwe pokhapokha ngati sikutsatidwa ndi nambala, kapena ndi koma wotsatidwa ndi nambala. Chida cha `perl` chimatha kunena zimenezi mosavuta, ndipo nacho sichilemba m'fayilo popanda `-i`.

```
for f in makalata/*.txt; do
  perl -pe 's/K500(?!,?\d)/K700/g' "$f" | diff -u "$f" -
done > zosintha.txt
```

Lamuloli layenda m'mafayilo onse 240 n'kusonkhanitsa zonse zimene zingasinthe mu fayilo imodzi yatsopano, `zosintha.txt`, imene ili kunja kwa foda ya makalata. Malo otsala ndi 267, ndiye kuti 312 kuchotsapo 45.

Gawo lotsatira ndi limene anthu ambiri amalidumpha, chonsecho ndi limene lili ndi phindu lonse: kuŵerenga. Kuyeserera kumene palibe wakuŵerenga n'kungotaya nthaŵi. Malo 267 si ochepa, koma munthu wokhala pansi ndi kapu ya tiyi amawamaliza tiyiyo asanazizire kwenikweni, chifukwa ambiri ndi chiganizo chomwecho chobwerezedwa, ndipo diso limakodwa msanga pa chimene chasiyana ndi zinzake. Mlembi uja akuŵerenga akupeza mizere itatu yonena za thumba la K500 miliyoni limene linalengezedwa pa msonkhano wina. Palibe nambala yotsatira, pali mpata ndi liwu, ndiye lamulo lonoledwa lija linaigwira. Iyi ndi yosavuta kukonza: pakati pa lamulolo amalemba `(?!,?\d| miliyoni)`.

Akupezanso china chimene lamulo lililonse silingathe kuchizindikira. M'makalata a chaka chatha muli malo 22 otsimikizira kuti membala wakutiwakuti analipira K500. Zilembo zake n'zolondola, ndalama yake ndi ya umembala ndithu, koma kuisintha n'kunamiza mbiri ya bungwe, pakuti munthuyo analipiradi K500. Pano mankhwala ake si kukonza lamulo koma kuchotsa mafayilowo mu fodayo ntchito isanayambe. Zikatero malo oyenera kusintha atsala 242, ndipo mlembi amayesereranso kachiŵiri, chifukwa lamulo likasintha ngakhale chilembo chimodzi, zimene anaona poyamba sizikuimiranso zimene zichitike.

Pali mbali ina imene kuyeserera sikuonetsa, ndipo ndi bwino kuidziŵa. Kumaonetsa zimene lamulo lagwira, osati zimene laphonya. Ngati wina analemba `K 500` ndi mpata pakati, kapena `500 kwacha`, mizere imeneyo siioneka m'ndandanda, ndipo makalata ena adzapitiriza kutchula mtengo wakale. Olemba Chichewa amakumana ndi vuto lomweli pa chilembo cha ŵ: wofufuza `Malawi` sapeza `Malaŵi`, chifukwa kwa kompyuta w ndi ŵ ndi zilembo ziŵiri zosiyana. Njira yake ndi kufufuzanso mwachisawawa, mwachitsanzo nambala `500` yokha, n'kuona zimene zatuluka zomwe sizinali m'ndandanda woyamba. Mafayilo a Word nawo ndi nkhani ina: fayilo ya `.docx` ndi phukusi lopanikizidwa, `grep` siona mawu a m'kati mwake, ndiye ikanena kuti sinapeze kanthu sizitanthauza kuti mulibe kanthu.

Nthaŵi yolemba ikakwana, lamulo likhale lomwe lija layesedwa, lokopedwa osati lolembedwanso ndi manja, ndipo chowonjezera chikhale chimodzi chokha.

```
perl -i.bak -pe 's/K500(?!,?\d| miliyoni)/K700/g' makalata/*.txt
```

Mawu akuti `.bak` amachititsa kuti fayilo iliyonse yakale isungidwe pambali pa yatsopano. Koma chitetezo chimenechi n'cha ulendo umodzi: lamulo likayendetsedwa kachiŵiri, mafayilo osungidwawo amafufutidwa ndi atsopano, omwe ndi osinthidwa kale. Kukopera foda yonse pa fulashi ntchito isanayambe n'kodalirika kuposa pamenepa. Ndi bwinonso kusalola nthaŵi yaitali kudutsa pakati pa kuyeserera ndi kulemba, makamaka ngati fodayo amaigwiritsa ntchito anthu angapo, poti kalata yoloŵa masana siinali m'ndandanda wa m'maŵa.

Ena amaganiza kuti zikalakwika adzangotembenuza lamulo, K700 ibwerere ku K500. Sizitheka bwino. M'makalata a bungwe lija munali kale malo 18 otchula K700, mtengo wa thumba lopanda kanthu losungiramo chimanga, ndipo lamulo lotembenuzidwa lingagwetse mitengo imeneyonso, popeza silingasiyanitse K700 yakale ndi yatsopano. Nambala yomweyo ya 18 ndi imene imathandiza potsimikizira ntchito: ikatha, `K700` iyenera kupezeka malo 260, ndiye kuti 18 akale ndi 242 atsopano. Ikapezeka ina, pali chimene chachitika chomwe sichinaonedwe, ndipo m'pofunika kubwerera ku mafayilo osungidwa aja.

Amene sagwiritsa ntchito malamulo olemba ndi manja alinso ndi njira zawo. Mu Visual Studio Code, munthu akalemba mawu ofufuza ndi osinthira, pulogalamuyo imandandalika malo onse, ndipo kudina pa amodzi kumaonetsa mawu akale ndi atsopano moyandikana. Malo osafunika amachotsedwa m'ndandanda asanadine `Replace All`. Mu Notepad++ mulibe chionetsero chotere, ndipo `Replace in Files` imalemba pa disiki nthaŵi yomweyo, choncho `Find All` ndiyo iyenera kuyamba, ndi mawu omwewo, mu foda yomweyo. Zida zina zili ndi chizindikiro chakechake cha `--dry-run`, monga `wp search-replace` ya osamalira WordPress, koma imeneyi ikangosiyidwa yokha imapereka chiŵerengero cha malo amene angasinthe m'tebulo lililonse, osati mizere yake. Chiŵerengero cha 312 chikanamuuza mlembi uja kuti lamulo lake likugwira ntchito. Sichikanamuuza kuti malo 70 mwa amenewo sanayenera kukhudzidwa.