Zilembo zili ndi nkhope: kupeza fonti ya mawu a pachithunzi

Tsiku lina m'mawa, mayi wina wa kumpingo anafika pamalo athu osindikizira zinthu foni ili m'manja. Anandionetsa chithunzi cha chidziwitso cha msonkhano chimene anachijambula pagalasi la foni yake. Pamwamba panali mawu akuluakulu akuti MSONKHANO WA CHIGAWO, m'munsi mwake munali tsiku: Loweruka pa 14 Seputembala.

"Achimwene, tsikuli lasintha," anatero mayiwo. "Mungolembapo 21, koma zioneke ngati mmene zinalili. Mnyamata amene anatikonzera anapita ku Joni ndi kompyuta yake."

Kwa mayiwo inali ntchito ya mphindi ziwiri. Kwa ine funso linali lakuti: zilembozi ndi za mtundu wanji? Mtundu wa zilembo, umene osindikiza timautcha fonti, umakhala m'fayilo yakeyake m'kompyuta. Munthu akajambula zimene zili pagalasi, fayiloyo siipita nawo m'chithunzi. Chimene chimatsala ndi timadontho ta mitundu, totchedwa mapikiseli, ndipo dzina la fonti silipezekamo. Kuti ulidziwe uyenera kuchita ngati mlenje wotsata mapazi a nyama.

Funso loyamba limapita kwa mwini chithunzi: mawuwa anachokera kuti? Yankho lake limafupikitsa ulendo. Ngati ndi mawu a m'mapulogalamu a foni ya Android, nthawi zambiri amakhala Roboto, fonti imene Google inayamba kugwiritsa ntchito mu 2011, ngakhale makampani ena opanga mafoni amaikamo zawozawo. Pa iPhone, kuyambira 2015, ndi San Francisco. Mawu a m'mawindo a Windows ndi Segoe UI, pamene kalata yolembedwa mu Word kawirikawiri imakhala Calibri, Times New Roman, Arial kapena Aptos imene yabwera posachedwapa.

Komanso ndi bwino kufunsa ngati pali wina amene ali ndi chikalata chenichenicho. Chikapezeka cha PDF, ntchito yatha: mu Adobe Acrobat Reader mumatsegula File, kenako Properties, kenako Fonts, ndipo mayina onse amaonekera. Ngati mawuwo anajambulidwa patsamba la pa intaneti lomwe likadalipo, mu Chrome mumadina mbali ya kumanja ya mbewa pamawuwo, n'kusankha Inspect, kenako Computed; pansi penipeni, pa Rendered Fonts, pamalembedwa fonti imene yagwiritsidwa ntchito. Mayi aja analibe zonsezi. Anali ndi chithunzi chokha, chomwenso chinadutsa m'mafoni angapo pa WhatsApp.

Apa m'pamene ambiri amaphonya. WhatsApp imafinya zithunzi kuti zisadye bandulo, ndipo pofinyapo m'mphepete mwa zilembo mumachita chimbuuzi. Chithunzi chojambulidwanso kuchokera pa chinzake chofinyidwa kale chimaipiraipira. Ndinawapempha mayiwo kuti afunse munthu amene anachilandira koyamba atitumizire kudzera pa Document, chifukwa njira imeneyi imatumiza fayilo mmene ilili. Chitabwera, zilembo za pamutu zinali zazitali mapikiseli 40, zokwanira kuona maonekedwe ake.

Kenako ndinachikonza. Ndinadula mzere umodzi wokha, wa mawu akuluakulu aja, n'kusiya maluwa ndi chizindikiro cha mpingo zimene zinali m'mbali. Mawu anali oyera pamalo obiriwira, choncho ndinawatembenuza kuti akhale akuda pamalo oyera. Ndinaonetsetsanso kuti mzere wagona mowongoka ndipo palibe zilembo zogundana, pakuti r ndi n zikagundana makina amaziwerenga ngati m. Ndinachikulitsa pang'ono, podziwa kuti kukulitsa sikubweza chimene chinatayika kale.

Pali masamba a pa intaneti amene amalandira chithunzi chotere n'kupereka mayina a mafonti ofanana nacho: WhatTheFont ya MyFonts, WhatFontIs, ndi Matcherator ya Font Squirrel. Amene ali ndi Photoshop angagwiritse ntchito Match Font yopezeka pansi pa Type. Tsamba likakufunsani kuti mutsimikize chilembo chilichonse, chitani mosamala, chifukwa I wamkulu, l wamng'ono ndi nambala 1 zimasokonezeka msanga. Dziwaninso kuti tsamba lililonse limafufuza m'nkhokwe yake yokha. Fonti imene mulibe m'nkhokwemo silingaitchule, m'malo mwake limakupatsani ina yoyandikana nayo popanda kukuchenjezani. Chimene mumalandira ndi mndandanda wa oganiziridwa. Chigamulo n'cha maso anu.

Mndandanda wanga unali ndi mayina angapo, koma awiri ndiwo anandiimitsa: Arial ndi Helvetica, onse a zilembo zonenepa. Awiriwa amafanana ngati mapasa, ndipo pali chifukwa. Helvetica inapangidwa ku Switzerland mu 1957 ndi Max Miedinger. Arial inapangidwa ndi kampani ya Monotype mu 1982, ndipo zilembo za Arial imene ili m'makompyuta athu zili ndi m'lifupi wofanana ndi za Helvetica, kotero kuti mzere wolembedwa ndi imodzi umathera pomwe wa inzake wathera. Kuyeza kutalika kwa mzere sikungakuuzeni kuti uyu ndi uti.

Akatswiri akunja amayamba ndi R wamkulu: mwendo wake mu Helvetica umatsika pafupifupi choongoka, pamene mu Arial umatambasukira kumbali. Koma m'Chichewa mawu oyamba ndi R ndi osowa, ndipo Q, amenenso amathandiza kwambiri, sitimugwiritsa ntchito n'komwe. Tiyenera kudalira zilembo zimene zimapezeka m'mawu athu, ndipo mutu wa mayi aja unali nazo zitatu: C, S ndi G.

Ndinakulitsa C wa mu CHIGAWO mpaka kudzaza galasi, n'kuyang'ana nsonga zake ziwiri. Mu Helvetica nsongazi zimadulidwa mopingasa, ngati nzimbe yodulidwa ndi chikwanje kamodzi n'kamodzi chogona. Mu Arial zimadulidwa mopendekera. Za pachithunzichi zinali zopendekera, ndipo S anali chimodzimodzi. G wa Helvetica ali ndi kamwendo kotsikira pansi kudzanja lamanja, koma wa pachithunzi analibe. Pomaliza ndinapita pamzere wa tsiku, pa t wa mu Seputembala: mutu wake unali wosongoka mopendekera, pamene wa Helvetica ndi wafulati. Mboni zinayi zinanena chimodzi: Arial.

Njira imeneyi imagwira pa fonti iliyonse. Yambani ndi zazikulu: kodi zilembo zili ndi timapazi kunsonga ngati za Times New Roman, kapena zilibe? Kodi a wamng'ono ali ndi kadenga pamwamba pa mimba yake, kapena ndi wozungulira chabe ngati wolemba pamanja, monga amakhalira mu Futura ndi Century Gothic? Kodi g ali ndi mchira umodzi wopindika kapena timimba tiwiri? Mchira wa y ndi woongoka kapena wokhota? Mukatero pitani ku zing'onozing'ono monga nsonga zija. Zilembo monga H, I ndi L sizinena zambiri, musatayirepo nthawi.

Komabe maso amanyengeka, n'chifukwa chake sindisindikiza ndisanayese komaliza. Ndinaika chithunzi chija pansi, pamwamba pake n'kulemba mawu omwewo ndi Arial Bold. Ndinasintha kukula kwake mpaka H wanga atafanana msinkhu ndi H wa pachithunzi, n'kutsitsa Opacity kufika pa 50 kuti ndizitha kuona zapansi. Izi zimatheka mu Photoshop komanso mu GIMP imene ndi yaulere. M woyamba anakhala ndendende pa mnzake. Koma pofika kumapeto, O wanga anatsalira: mzere wanga unali wa mapikiseli pafupifupi 770, wa pachithunzi pafupifupi 790.

Munthu wothamanga akanati fontiyo ndi yolakwika. Koma ndinayang'ana mmene kutsalirako kunkachitikira. Chilembo chilichonse pachokha chinkafanana ndi chinzake, kungoti chinkatsalira pang'ono kuposa cham'mbuyo mwake, mwandondomeko. Mawuwo, kuwerengera ndi mipata iwiri ya pakati, ali ndi malo 20, ndiye kuti mipata pakati pa malowo ndi 19. Mapikiseli 20 kugawa m'mipata 19 ndi pafupifupi pikiseli imodzi pampata uliwonse. Mnyamata uja anangotalikitsa zilembo. Nditaika Tracking pa 20, mizere iwiriyo inakhala ngati umodzi.

Kusiyana kukakhala kopanda ndondomeko, chilembo china chikupitirira china chikutsalira, pamenepo fonti ndiye yolakwika ndipo muyenera kubwerera kumndandanda. Nthawi zina vuto limakhala lakuti wokonza anakoka mawu kuti adzaze malo. Izi mumazidziwira pa H: mawu akakokedwa cham'mbali mizati yake iwiri imanenepa mopitirira muyeso pamene kamtanda ka pakati kamakhalabe kowonda.

Ife olemba Chichewa tili ndi chinthu china choti tiyang'ane, ndicho ŵ wa m'mawu ngati Malaŵi. Mafonti ambiri okongoletsera alibe chilembochi, ndipo kompyuta ikachisowa imabwereka mwakachetechete kufonti ina. Mukaona ŵ yemwe akuoneka mlendo pakati pa anzake, musamugwiritse ntchito pofufuza dzina la fonti chifukwa adzakusocheretsani. Ndipo musanasankhe fonti yolowa m'malo, lembani ŵ ndi Ŵ muone ngati zilimo. Yang'ananinso kachizindikiro ka m'mawu ngati ng'ombe ndi m'mudzi: kena n'koongoka, kena n'kopindika, ndipo mukasakaniza mitundu iwiriyi papepala limodzi chigamba chimaonekera.

Kudziwa dzina sikutanthauza kuti fontiyo ndi yanu. Helvetica ndi yogula, ndipo kuitenga pamasamba achinyengo n'kuphwanya umwini wa eni ake, komanso mafayilo a kumeneko amatha kubwera ndi mavairasi. Mwayi wake pali zolowa m'malo zaulere. Liberation Sans ndi Arimo zili ndi m'lifupi wofanana ndi Arial, Carlito imafanana m'lifupi ndi Calibri, ndipo ambiri akasowa Gotham amatenga Montserrat ya pa Google Fonts, ngakhale iyi ndi yotambalala pang'ono ndipo imafuna kuyezanso mizere. Mukagwiritsa ntchito yolowa m'malo, lembaninso mzere wonse kapena ndime yonse. Mafonti awiri ongofanana akakhala pamzere umodzi, ngakhale munthu wosadziwa za zilembo amaona kuti pena pake pasokedwa.

Ngakhale fonti yeniyeni inapezeka, kwa mayi aja ndinachitanso chomwecho. Manambala atsopano akanaoneka akuthwa pakati pa zilembo zachimbuuzi, choncho ndinafufuta mzere wonse wa tsiku ndi mutu womwe, n'kuzilembanso ndi Arial. Mayiwo anayang'ana pepala, anayang'ana foni, n'kuyang'ananso pepala.

"Ndi chomwechija," anatero. "Musindikize 50."

Ndisanawabwezere foni yawo ndinawatumizira chidziwitsocho ngati PDF, ndipo kuseri kwa lisiti ndinawalembera kuti Arial Bold, Tracking 20, kuti tsiku likadzasinthanso, amene adzagwire ntchitoyo adzayambire pamenepo.