Chifukwa chake mafunde ochedwa sasokoneza Wi-Fi ndi 4G

Amene ankaonera wailesi yakanema ya analogi amakumbukira munthu mmodzi akuoneka ngati awiri, wina mbuu pambali pa mnzake. Chinkachitika n'chakuti mafunde ena ankafika molunjika pa eriyo, pamene ena ankayamba awomba phiri kapena nyumba n'kufika mochedwa. Foni yanu imakumana ndi vuto lomweli, koma njira yotchedwa OFDM, imene Wi-Fi, 4G ndi kanema wa dijito wa DVB-T2 zimagwiritsa ntchito, imalithetsa.

Mafunde a wailesi amayenda mamita 300 pa maikulosekondi imodzi, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo miliyoni a sekondi. Tiyerekeze kuti rauta ikutumiza zizindikiro 12 miliyoni pa sekondi, chimodzichimodzi, pa njira imodzi. Chilichonse chitenga nthawi yosakwana maikulosekondi 0.1. Funde limene lawomba khoma n'kuzungulira mamita 60 owonjezera lichedwa ndi maikulosekondi 0.2, ndipo ligwera pa zizindikiro zina zobwera m'mbuyo. Zili ngati mlaliki wolankhula mothamanga m'tchalitchi chachikulu: mawu obwerera kuchokera kukhoma amaphimba mawu otsatira.

OFDM imachepetsa liwiro la chizindikiro chilichonse popanda kuchepetsa uthenga wonse. Pa Wi-Fi ya 802.11a, njira ya megahezi 20 imagawidwa m'tinjira ting'onoting'ono, ndipo tinjira 48 timanyamula uthenga nthawi imodzi. Chizindikiro chilichonse chimatenga mamaikulosekondi 4, koma popeza zikuyenda 48 pamodzi, pa sekondi zimakwanabe 12 miliyoni. Tinjirati sitisokonezana ngakhale n'tothithikana, chifukwa tinatalikirana ndi makilohezi 312.5, mogwirizana ndendende ndi mamaikulosekondi 3.2 amene wolandira amawerenga. Pamene kanjira kena kali pachimake, anzake onse amakhala pa ziro.

Maikulosekondi 0.8 yotsalayo ndi mpata woteteza. Wotumiza amakopera mchira wa chizindikiro n'kuuika kutsogolo kwake, ndipo wolandira amataya gawo limeneli. Funde lathu lochedwa ndi 0.2 lija limathera mumpatamu, ndipo chizindikiro chakale sichifika pamene chatsopano chikuwerengedwa.

Komabe funde lochedwa limasintha mphamvu ya tinjira: tina limatilimbitsa, tina limatifooketsa. Popeza kanjira kalikonse n'kopapatiza, wolandira amakakonza ndi nambala imodzi yokha, imene amaipeza poyerekeza zizindikiro zodziwika kale ndi mmene zafikira. Uthenga wa pa tinjira tofookeratu amaubwezeretsa ndi masamu okonza zolakwika, chifukwa unamwazidwa pa tinjira tambiri.

Chitetezochi chili ndi mtengo ndiponso malire. Mpata uja umadya gawo limodzi mwa magawo asanu a nthawi, ndipo funde lozungulira mamita oposa 240 limaudutsa n'kuwononga chizindikiro chotsatira, moti liwiro limatsika ngakhale foni ikuonetsa netiweki yodzaza. N'chifukwa chake 4G, imene mafunde ake amawomba mapiri ndi nyumba zakutali, ili ndi mpata wa mamaikulosekondi pafupifupi 4.7, wokwanira funde lozungulira makilomita 1.4.