Chifukwa chake maginito amakoka okosijeni

Mu 1891, ku Royal Institution mumzinda wa London, katswiri wa sayansi James Dewar anaika kambale ka okosijeni wamadzi pakati pa nsonga ziwiri za maginito oyendera magetsi. Atangoyatsa magetsiwo, okosijeni uja anadumpha m'kambalemo n'kukamatirira pansonga za maginito, ndipo anakhala pomwepo akubwadamuka mpaka anauma. Mpweya umene munthu aliyense amapuma unachita ngati tizidutswa ta chitsulo.

Lero aphunzitsi a kemisitiri m'mayunivesite ambiri amaonetsabe zimenezi. Okosijeni amasanduka madzi akazizira kufika pa madigiri 183 pansi pa ziro, ndipo amaoneka obiriwira pang'ono ngati thambo. Akamuthira pakati pa nsonga za maginito amphamvu, amalendewera pamenepo ngati kamlatho. Akathira naitirojeni wamadzi, amene ndi wozizira kuposa pamenepo, amangodutsa n'kutayikira pansi osaima n'komwe. Mipweya iwiriyi imakhalira limodzi mumlengalenga, naitirojeni magawo 78 pa 100 alionse ndipo okosijeni magawo 21, koma pamaso pa maginito ndi yosiyana kotheratu.

Michael Faraday anali ataona kale khalidweli cha m'ma 1850, pogwiritsa ntchito thovu la sopo lodzaza mipweya yosiyanasiyana. Chimene chinatenga zaka pafupifupi 80 ndi kupeza chifukwa chake.

Yankho lagona pa maelekitironi, tinthu tating'ono kwambiri tokhala kunja kwa phata la atomu. Elekitironi iliyonse ili ngati kamaginito kakang'ono, ndipo kamaginitoko kamatha kuloza mbali ziwiri zokha, zimene akatswiri amazitcha m'mwamba ndi pansi. Maelekitironi awiri akakhala pamalo amodzi, ina imaloza m'mwamba inzake pansi, choncho mphamvu zawo zimafafanizana. Chinthu chimene maelekitironi ake onse ali awiriawiri chotere sichikokedwa ndi maginito. Chimakankhidwa pang'ono chabe, mosaoneka ndi maso. Madzi ndi naitirojeni zili m'gulu limeneli. Koma pakatsala elekitironi yopanda mnzake, palibe choifafaniza, ndipo maginito amaigwira.

Apa ndi pamene panali mfundo yovuta kumasula. Mu 1916, Gilbert Lewis wa ku America anafotokoza kuti maatomu amamangana pogawana maelekitironi awiriawiri, ndipo njira yake yojambulira ndi imene ana asukulu amaphunzira mpaka lero. Atomu ya okosijeni ili ndi maelekitironi 8, awiri mkati ndipo 6 kunja. Molekyulu ya okosijeni, O₂, ndi maatomu awiri omangana, choncho maelekitironi akunja ndi 12. Powajambula mwa njira ya Lewis amalemba O=O: maelekitironi 4 ali pakati kupanga zomangira ziwiri, otsala 8 akhala awiriawiri m'mbali. Palibe ndi imodzi yomwe yotsala yokha. Chithunzicho chikunena kuti okosijeni sangakokedwe ndi maginito, chikhalirecho kambale ka Dewar kanaonetsa kuti amakokedwa.

Njira ina yoganizira inabadwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, kuchokera kwa Friedrich Hund wa ku Germany ndi Robert Mulliken wa ku America, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1966. Mu 1929, John Lennard-Jones wa ku Britain anaigwiritsa ntchito pofotokoza nkhani ya okosijeniyi. Imatchedwa chiphunzitso cha maobitalo a molekyulu.

Obitalo ndi dera limene elekitironi imapezekamo, ndipo dera lililonse lili ndi msinkhu wake wa mphamvu. Chiphunzitsochi chimati maatomu awiri akamangana, maelekitironi salinso a atomu iyi kapena iyo. Maobitalo a maatomu aja amasakanikirana n'kupanga maobitalo atsopano a molekyulu yonse. Kasakanikidwe kake kali ngati ka mafunde, pakuti elekitironi ili ndi khalidwe la funde. Munthu akaponya miyala iwiri padziwe, pamene mafunde akumana pali malo ena pamene madzi amakwera kwambiri, ndi ena pamene funde lina limapha linzake madzi n'kukhala bata.

Maobitalo awiri akakumana amabala awiri atsopano. Woyamba ndi pamene mafunde awonjezerana pakati pa maatomu. Maelekitironi okhala pamenepo amakokera maphata onse awiri pamodzi, ndiye obitalo imeneyi ndi yomanga, ndipo mphamvu yake ndi yotsika. Wachiwiri ndi pamene mafunde aphana pakatipo. Maelekitironi amakhala chakunja, maphata n'kumakankhana, ndiye imeneyi ndi yomasula, ndipo mphamvu yake ndi yokwera. Polemba, yomasulayo amaiika kanyenyezi.

Kudzaza maobitalowa kuli ndi malamulo atatu. Maelekitironi amayamba kudzaza otsika asanakwere. Obitalo imodzi imalandira maelekitironi awiri basi, ndipo awiriwo ayenera kuloza mosiyana. Lachitatu ndi lamulo la Hund, lonena za maobitalo ofanana msinkhu: elekitironi iliyonse imayamba yatenga obitalo yakeyake, ndipo onse amaloza mbali imodzi. Maelekitironi amakankhana mwachibadwa, choncho amachita ngati alendo awiri osadziwana amene apeza mphasa ziwiri zoyalidwa m'nyumba. Sapanikizana pamphasa imodzi inzake ili yopanda munthu.

Tsopano maelekitironi 12 aja alowe m'malo mwawo. Atomu iliyonse ya okosijeni imabweretsa maobitalo akunja anayi: imodzi yozungulira ngati mpira yotchedwa 2s, ndi atatu ataliatali otchedwa 2p, oloza mbali zitatu zosiyana. Ma 2s awiri akasakanikirana amabala yomanga imodzi ndi yomasula imodzi. Yomanga ilandira maelekitironi awiri, yomasula ilandiranso awiri. Apita 4, atsala 8.

Ma 2p ndi amene ali ndi nkhani. Awiri oyang'anizana, imodzi ya atomu iyi ina ya atomu inayo, amakumana mutu ndi mutu n'kupanga obitalo yomanga yotchedwa sigima, imene imalembedwa σ. Imeneyi itenga maelekitironi awiri, atsala 6. Ma 2p enawo amakumana cham'mbali n'kupanga maobitalo omanga awiri ofanana msinkhu otchedwa pai, olembedwa π. Amenewa atenga 4. Atsala awiri okha.

Pamwamba pa amenewa pali maobitalo omasula awiri, π*, nawonso ofanana msinkhu ndendende. Malo alipo a maelekitironi 4 koma obwera ndi awiri. Mwa lamulo la Hund, iliyonse ikhala m'obitalo yake, onse awiri akuloza mbali imodzi. Molekyulu iliyonse ya okosijeni imayenda ndi maelekitironi awiri opanda anzawo, ndipo ndi amenewa amene maginito amawakoka.

Wophunzira akalakwitsa pa sitepe yomalizayi, kawirikawiri amakhala kuti waika maelekitironi onse awiri m'obitalo imodzi ya π*, kapena waganiza kuti nambala yogawika pawiri, monga 12, ikutanthauza kuti onse apeza anzawo. Chizindikiro cha cholakwacho n'chosavuta kuona: obitalo imodzi yadzaza pamene inzake yofanana nayo msinkhu ili yopanda kanthu.

Chiphunzitsochi sichinataye zimene Lewis anapeza molondola. Chiwerengero cha zomangira chimapezeka pochotsera maelekitironi omasula pa omanga, n'kugawa pawiri. Mu okosijeni omanga ndi 8 ndipo omasula ndi 4, choncho (8 − 4) ÷ 2 = 2. Zomangira ndi ziwiri, monga momwe O=O amanenera. Naitirojeni, N₂, ali ndi maelekitironi akunja 10. Amatha kudzaza maobitalo omanga asanafike pa π*, ndiye (8 − 2) ÷ 2 = 3, zomangira zitatu ndipo palibe elekitironi yotsala yokha. N'chifukwa chake amangodutsa pakati pa maginito.

Pali njira yoyesera ngati zonsezi si nkhani yapapepala chabe. Ngati maelekitironi awiri omalizawo alidi m'maobitalo omasula, ndiye kuti kuchotsapo imodzi kuyenera kulimbitsa chomangira, ndipo kuwonjezera kuyenera kuchifooketsa. Miyeso imavomereza. Mtunda wa pakati pa maatomu umayesedwa m'mapikomita, ndipo milimita imodzi ili ndi mapikomita 1,000,000,000. Mu O₂ mtundawu ndi mapikomita 121. Akachotsapo elekitironi imodzi umafupika kufika pa 112, kusonyeza kuti maatomu agwirana kwambiri. Akawonjezera awiri, monga zilili mu perokisaidi, umatalika kufika pafupifupi 149. Apo maobitalo onse a π* adzaza, chomangira chatsala chimodzi, ndipo kukokedwa ndi maginito kwatha.

Wina angafunse chifukwa chake maginito a m'sipika ya wailesi sasonkhanitsa okosijeni wa m'nyumba. Kukokaku n'kofooka kwambiri poyerekeza ndi kwa chitsulo. M'chitsulo, timaginito ta maatomu oyandikana timagwirizana kuloza mbali imodzi, ndipo timatha kukhalabe choncho maginito atachotsedwa. Mu okosijeni molekyulu iliyonse imayenda payokha. Pa kutentha kwa masiku onse mamolekyulu amathamanga ndi kugundana kosalekeza, ndipo kugundanako kumasokoneza mzere uliwonse umene maginito akufuna kuwaikamo. Kuzizira kumathandiza pawiri: mamolekyulu amachepetsa phuma, komanso amathithikana, pakuti lita imodzi ya okosijeni wamadzi imapereka malita pafupifupi 860 a mpweya. Maginito akachotsedwa, okosijeni satsala ndi mphamvu iliyonse yokoka.

Ngakhale ndi kofooka, kukoka kwa okosijeni wa mpweya kumayesedwa, ndipo kuli ndi ntchito. Mu 1940, Linus Pauling anapanga chida choyezera kuchuluka kwa okosijeni pogwiritsa ntchito khalidwe lomweli, ndipo Arnold Beckman ndi amene anayamba kupanga zidazi zambiri. Mkati mwake muli timipira tiwiri tagalasi tolumikizidwa ndi kandodo, tolendewera pakaulusi pakati pa maginito. Mpweya woyesedwa ukalowa, okosijeni amathamangira pamene maginito ali ndi mphamvu kwambiri n'kukankha timipirato, kandodoko n'kupotoka. Kakalilole kakang'ono komatidwa pakandodopo kamaonetsa kukula kwa kupotokako. Okosijeni akachuluka kupotoka kumakula, pamene naitirojeni ndi mpweya woipa umene munthu amatulutsa popuma sizisuntha kandodoko kwenikweni.

Zida zoterezi zinagwira ntchito m'zipatala poyeza okosijeni m'mabokosi osungiramo ana obadwa masiku asanakwane. Lero makina ambiri ogonetsera odwala pa opaleshoni ali ndi kachipangizo kodalira khalidwe lomweli, ngakhale kapangidwe kake kanasintha. Nambala imene dokotala wogonetsa amawerenga pagalasi la makina otere, yomuuza kuchuluka kwa okosijeni amene wodwala akupuma, imachokera ku maelekitironi awiri aja okhala m'maobitalo a π*.