Mchere wokana madzi: kuwerengetsa kuchuluka kwa umene umasungunuka

Mchere wa m'ndiwo suvuta. M'lita imodzi ya madzi mungathire magalamu pafupifupi 360, wonsewo n'kutha psiti. Koma kwa akatswiri a khemisitiri, michere ndi mtundu waukulu, ndipo ina ndi youma mutu. Mukaithira m'madzi imangokhazikika pansi ngati palibe chimene chachitika. Komatu chilipo chimene chachitika. Kachigawo kochepetsetsa kamakhala katasungunuka, ndipo kachigawo kameneko tingathe kukawerengetsa ndi pensulo ndi pepala, osakhudza madziwo n'komwe, bola tikhale ndi nambala imodzi imene mabuku amailemba kuti Ksp.

Titenge mchere wa kashiamu fuloraidi, umene amaulemba kuti CaF₂. Umapezeka m'miyala ina ya pansi pa nthaka, ndipo ndi limodzi mwa magwero a fuloraidi wa m'madzi a m'mijigo. M'madera ena a Malawi mumaona ana ndi akulu omwe ali ndi mano a mawanga ofiirira chifukwa chakumwa madzi a fuloraidi wambiri pamene manowo ankakula. Ndiye funso lakuti mchere umenewu ungasungunuke wochuluka bwanji si la m'kalasi mokha ayi.

Mukathira ufa wa CaF₂ m'botolo la madzi oyera n'kukhutchumula, mcherewu umayamba kugawika m'tizidutswa tokhala ndi mphamvu ya magetsi, totchedwa maayoni. Kagulu kalikonse ka CaF₂ kamatulutsa ayoni imodzi ya kashiamu ndi maayoni awiri a fuloraidi:

CaF₂(s) ⇌ Ca²⁺(aq) + 2F⁻(aq)

Mivi yoloza uku ndi uku ikutanthauza kuti ulendowu ndi wa mbali ziwiri. Maayoni akamachuluka m'madzi, ena amakumananso n'kubwerera ku ufa uja. Imafika nthawi imene obwerera amafanana ndi ochoka, monga minibasi yodzaza imene munthu akatsika, wina akwera, koma chiwerengero cha okwera osasintha. Apa timati madzi akhuta mcherewo. Muthire ufa wina wochuluka bwanji, wosungunuka sawonjezekanso.

Madzi akakhuta chonchi pali lamulo limene limagwira. Mukatenga kuchuluka kwa kashiamu n'kuchulukitsa ndi kuchuluka kwa fuloraidi kawiri, mumapeza nambala yomweyomweyo nthawi zonse, malinga kutentha kwa madzi kusasinthe. Nambala imeneyo ndiyo Ksp:

Ksp = [Ca²⁺][F⁻]²

Timipanda ta makona timeneti tikutanthauza mamolo pa lita. Molo ndi muyeso wowerengera tizidutswa. Molo imodzi ndi tizidutswa 6.022 × 10²³. Ufa wotsala pansi uja sulowa nawo m'samuyi, chifukwa kuchuluka kwake sikusintha kanthu pa zimene zili m'madzi. Mabuku ambiri amaika Ksp ya CaF₂ pa 3.9 × 10⁻¹¹ madzi akakhala pa madigiri 25. Ena amapereka nambala yosiyanako, choncho ngati mwapatsidwa nambala m'funso, gwiritsani ntchito yomweyo.

Chimene tikufuna ndi mamolo a CaF₂ amene amasungunuka m'lita imodzi. Popeza sitinawadziwe, tiwatche s. Madzi athu anali oyera, opanda kashiamu kapena fuloraidi, ndiye maayoni onse amene alimo achokera ku mchere wathu. Mamolo s akasungunuka, kashiamu amakhala s, ndipo fuloraidi amakhala 2s, pakuti amatuluka awiriawiri. Tiziike m'lamulo lija:

Ksp = (s)(2s)² = 4s³

Apa ndi pamene ophunzira ambiri amapunthwa, ndipo funso lawo ndi lomveka: bwanji 2 uja tamugwiritsa ntchito kawiri, koyamba pochulukitsa s, kenako ngati kanambala ka pamwamba? Si kubera masamu? Ayi. Ndi ntchito ziwiri zosiyana. Ya 2s ikungonena zimene zilidi m'botolo, kuti fuloraidi ndi wochuluka kawiri kuposa kashiamu. Ya pamwamba ikuchokera ku lamulo lenilenilo, ndipo ikanakhalapobe ngakhale fuloraidiyo akanachokera kwina. Mukalemba samu ya kugawika ija motambasula, Ca²⁺ + F⁻ + F⁻, muona kuti fuloraidi akuonekera kawiri, ndiye amalowanso kawiri pochulukitsa. Samalaninso kuti kanambala ka pamwambako kakukhudza zonse za m'kati: 2s kuchulukitsa ndi 2s ndi 4s², osati 2s².

Zotsala n'zosavuta. Tigawe mbali zonse ndi 4:

s³ = 3.9 × 10⁻¹¹ ÷ 4 = 9.75 × 10⁻¹²

Tsopano tikufuna nambala imene ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe katatu itipatse zimenezi. Pa kakyuleta ndi batani la ∛. Popanda kakyuleta zithekabe, chifukwa 12 amagawika ndi 3, ndiye 10⁻¹² amatipatsa 10⁻⁴. Kwatsala 9.75. Tikudziwa kuti 2 × 2 × 2 ndi 8, ndipo 2.2 × 2.2 × 2.2 ndi 10.6, choncho yankho lili pakati pake, cha pa 2.14. Kanambala ka pamwamba kakapanda kugawika ndi 3, sunthani kadontho mpaka katero, mwachitsanzo 3.9 × 10⁻¹¹ ndi chimodzimodzi ndi 39 × 10⁻¹².

s = 2.14 × 10⁻⁴ mol/L

Musatseke kope musanayese yankholi. Kashiamu ndi 2.14 × 10⁻⁴, fuloraidi ndi 4.28 × 10⁻⁴. Chulukitsani fuloraidi ndi iye yemwe, mupeza 1.83 × 10⁻⁷. Chulukitsaninso ndi kashiamu, mupeza 3.9 × 10⁻¹¹. Tabwerera pa Ksp imene tinayambira, ndiye samu yalondola. Amene anaiwala 2 wa fuloraidi n'kulemba s³ yekha apeza 3.4 × 10⁻⁴, ndipo amene analemba 2s³ apeza 2.7 × 10⁻⁴. Mayankho awiriwa amaoneka abwinobwino, n'chifukwa chake amanyenga. Koma mukawabwezera m'lamulo moyenera, loyamba likupatsani nambala yoposa Ksp kanayi, lachiwiri kawiri. Kuyesa kumeneku sikutenga ngakhale mphindi imodzi, ndipo ine ndimakuona kuti ndi gawo la samuyo, osati chinthu chochita nthawi ikatsala.

Mamolo sawoneka pa sikelo, ndiye tiwasandutse magalamu. Molo imodzi ya CaF₂ imalemera magalamu 78.1. Tikachulukitsa ndi 2.14 × 10⁻⁴ tipeza magalamu 0.0167, amene ndi mamiligalamu pafupifupi 17 pa lita. M'ndowa ya malita 20 mungasungunuke gawo limodzi mwa magawo atatu a galamu imodzi basi. N'zochepadi. Koma taonani fuloraidi payekha. Molo yake imalemera magalamu 19.0, ndipo tili ndi mamolo 4.28 × 10⁻⁴, kutanthauza mamiligalamu 8.1 pa lita. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti madzi akumwa asapitirire mamiligalamu 1.5 pa lita. Mchere umene timati susungunuka ungathe kukweza fuloraidi m'madzi oyera kuposa malire amenewa kasanu ndi kupitirira.

Anthu ambiri akaona mndandanda wa ma Ksp amaganiza kuti mchere wa nambala yaikulu ndiwo umasungunuka kwambiri. Sizikhala choncho nthawi zonse. Siliva koloraidi, AgCl, ali ndi Ksp ya 1.8 × 10⁻¹⁰, yoposa ya CaF₂ pafupifupi kasanu. Koma iye amagawika m'maayoni awiri okha, siliva mmodzi ndi koloraidi mmodzi, ndiye Ksp = s². Mukadina batani la √ mupeza 1.3 × 10⁻⁵ mol/L. Ndiye kuti CaF₂, wa Ksp yaing'ono, amasungunuka mamolo ochuluka ka 16 kuposa AgCl. Ma Ksp mungawayerekeze mwachindunji pokhapokha micherezo ikamagawika mofanana. Apo ayi, pezani kaye s wa uliwonse.

Nanga madzi akakhala kuti ali kale ndi kashiamu wochokera kwina, monga amakhalira madzi ambiri a pansi pa nthaka? Ksp siisintha, koma s amasintha kwambiri. Tinene kuti m'madzi muli kale kashiamu wokwana mamolo 0.010 pa lita, omwe ndi mamiligalamu pafupifupi 400, madzi amene sopo amavuta kuchitamo thovu. Tsopano kashiamu yense ndi 0.010 + s, fuloraidi akadali 2s:

3.9 × 10⁻¹¹ = (0.010 + s)(2s)²

Samu iyi ndi yovuta kuimasula momwe ililimu, koma pali njira yachidule. M'madzi oyera s anali 0.0002 chabe, ndipo muno achepa kuposa pamenepo, choncho kumuwonjezera pa 0.010 sikusintha zambiri. Timusiye m'mpanda woyambawo. Zikatero 4s² ndi 3.9 × 10⁻⁹, s² ndi 9.75 × 10⁻¹⁰, ndipo s ndi 3.1 × 10⁻⁵ mol/L. Njira yachiduleyi iyeneranso kuyesedwa: s amene tapezayu sakufika ngakhale pa 1 peresenti ya 0.010, ndiye sitinalakwe kumusiya. Aphunzitsi ambiri amalola mpaka 5 peresenti. Kashiamu woyambirirayo akanakhala 0.0010, s akanatuluka pafupifupi 10 peresenti yake, ndipo tikanayenera kubwezera s m'mpanda muja n'kuwerengetsanso mpaka yankho litasiya kusintha.

Kusungunuka kwatsika pafupifupi kasanu ndi kawiri, ndipo fuloraidi wafika pa mamiligalamu 1.2 pa lita. Apa samu ikufotokoza chinthu chimene oyeza madzi a pansi pa nthaka amachiona kawirikawiri: fuloraidi wambiri amakonda kupezeka m'madzi a kashiamu wochepa. Chimodzi chikakwera, chinzake chiyenera kutsika, kuti zotuluka pozichulukitsa zisapose Ksp.

Koma musathamangire kuweruza mjigo wa kwanu ndi samu yokhayi. Ksp imanena za madzi amene akhuta. Madzi amene sanakhalitse pa mwalawo amakhala ndi fuloraidi wochepera, ndipo fuloraidi wina amachokera ku miyala ya mitundu ina. Nambala tagwiritsa ntchitoyi ndi ya madigiri 25, pamene madzi a akasupe otentha amafuna ina. Samu yathu yatenganso ngati ayoni iliyonse ikuyenda payokha, osakokana ndi inzake. M'madzi oyera kulakwa kwake n'kochepa, koma m'madzi a michere yambiri, monga a kashiamu 0.010 aja, maayoni ena amazungulira kashiamu ndi fuloraidi n'kuwalepheretsa kukumana msanga, ndiye osungunuka enieni amaposa amene tawerengetsa. Mamiligalamu 1.2 aja ndi ongoyandikira, ndipo chowuza ngati madzi ali bwino kumwa ndi kuwayeza ku labotale.

Asidi ndiye amasokoneza kwambiri. Ayoni ya fuloraidi ikakumana ndi H⁺ wa m'madzi a asidi imasanduka HF. Fuloraidi ameneyo akadali m'madzi, koma salowanso mu [F⁻], ndiye ufa wina umasungunuka kuti Ksp ikwanire. M'madzi otere [F⁻] sakhalanso 2s, ndipo 4s³ sagwira ntchito. Muyenera kudziwa pH ya madziwo ndi nambala ya kugawika kwa HF musanayambe. Michere ya kabonati, ngati CaCO₃ wa m'miyala ya laimu, imachita zoterezi ngakhale m'madzi opanda asidi, chifukwa ayoni ya kabonati imalanda H⁺ ku madzi enieniwo. Kwa michere yotere, s wochokera ku Ksp yokha amatuluka wochepa kuposa amene mungayeze.